Mwakhoma phukusi limodzi, enawo ali pamtetete

"Akulu, koma pa laputopu yanga ikuyenda bwinobwino."

Anandiuza choncho mnyamata amene ndinkagwira naye ntchito, m'mawa wina kumayambiriro kwa Okutobala 2023, ndipo ankanena zoona. Anatembenuza laputopuyo kuti ndidzionere ndekha. Pulogalamu inali kuyenda, tsamba lolowera likutseguka, mayina a mamembala akuoneka monga mwa masiku onse. Koma pa seva yatsopano, imene tinagona mochedwa tikuikonza chifukwa yakale inali itafa, pulogalamu yomweyo inkagwa isanayambe n'komwe. Khodi inali imodzimodzi, yochokera mu Git imodzi, ndipo panalibe amene anaikhudza kwa miyezi isanu ndi iwiri. Kubungwe laling'ono limene tinawalembera pulogalamuyo anali ataimba kale kawiri, chifukwa pamzere panali anthu odzapereka ndalama ndipo mayi wa pakauntala anali atabwerera ku kope ndi cholembera.

Maganizo anga pa nkhani imeneyi sakhota. Pulogalamu iliyonse imene idzaikidwe pa makina ena kupatula amene inalembedwerapo iyenera kukhala ndi fayilo ya loko, yolemba vesheni yeniyeni ya phukusi lililonse la khodi ya anthu ena limene pulogalamuyo imadalira, fayiloyo isungidwe mu Git pamodzi ndi khodi, ndipo seva iziika maphukusi kuchokera m'fayilo imeneyo basi. Ambiri a ife timaganiza kuti tikuchita kale zimenezi pomwe sitikuchita. Nanenso ndinkaganiza choncho mpaka m'mawa umenewo.

Uthenga umene seva inkatulutsa unali uwu:

```
ImportError: cannot import name 'url_quote' from 'werkzeug.urls'
```

M'khodi yathu munalibe paliponse pamene tinalemba dzina lakuti Werkzeug. Ife tinkagwiritsa ntchito Flask, phukusi la Python lolembera mapulogalamu a pa intaneti, ndipo tinaikhoma monga mmene tinaphunzirira. Mu `requirements.txt` munali mzere wakuti `Flask==2.2.2`, wa zizindikiro ziwiri za kufanana, kutanthauza kuti vesheni imeneyo yokha, osati ina. Tinayesa `pip check`, lamulo la pip, chida choikira maphukusi a Python, kuti ione ngati pali maphukusi osagwirizana, ndipo inayankha kuti `No broken requirements found.` Apa m'pamene munthu amayamba kukayikira zinthu zosalakwa. Tinakayikira Ubuntu, tinakayikira Python, tinafufuta zonse n'kuikanso kawiri, bandulo ikutha, uthenga osasintha.

Chimene chinatipulumutsa ndi ntchito ya mphindi ziwiri imene tikanayenera kuyambira. Tinalemba `pip freeze` pa laputopu, n'kulembanso pa seva, kenako tinayerekeza mindandanda iwiriyo ndi `diff`. Pa maphukusi amene amabwera ndi Flask, atatu anali osiyana. Pa laputopu panali click 8.1.3, MarkupSafe 2.1.2 ndi Werkzeug 2.2.3. Pa seva panali click 8.1.7, MarkupSafe 2.1.3 ndi Werkzeug 3.0.0. Awiri oyambawo anangosuntha pang'ono kumapeto kwa nambala. Lachitatulo linadumpha kuchoka pa 2 kufika pa 3.

Nkhani yake ili motere. Flask siyenda yokha. Imatsamira pa maphukusi ena, ndipo Flask 2.2.2 imanena kuti ikufuna `Werkzeug>=2.2.2`, kutanthauza 2.2.2 kapena iliyonse yoposa pamenepo, popanda malire kumwamba. Mnzangayo anaika maphukusi pa laputopu yake mu Malichi 2023, pamene Werkzeug yatsopano inali 2.2.3, ndipo imeneyo inangokhala pamenepo. Pa 30 Sepitembala 2023 kunatuluka Werkzeug 3.0.0, imene inachotsa `url_quote`, kachida kamene Flask 2.2.2 imakaitana ikangoyamba. Seva yathu tinaikonza patangopita masiku ochepa, ndipo pip inachita zimene inauzidwa. Inatenga Flask 2.2.2 ndendende, n'kutenga Werkzeug yatsopano kwambiri imene lamulo la Flask likulola. N'chifukwa chake `pip check` sinaone vuto, pakuti 3.0.0 ndi yoposadi 2.2.2. Papepala zonse zinali m'malo mwake.

Sindiimba mlandu olemba Werkzeug. Anachenjeza mu vesheni 2.3 kuti kachidako kadzachotsedwa, ndipo pokachotsa anasintha nambala yoyamba kuti aliyense aone kuti pasintha zazikulu. Mlandu unali wathu. Tinakhoma chitseko chakumaso n'kusiya mawindo asanu otsegula, chifukwa kumbuyo kwa Flask kuli Werkzeug, Jinja2, itsdangerous, click ndi MarkupSafe, ndipo palibe ngakhale limodzi mwa amenewa limene tinalitchula. Zimene seva yathu ikanalandira zinkadalira tsiku limene talemba `pip install`. Tikanaikonza pa 29 Sepitembala, bwenzi itayenda, ife n'kumaganiza kuti ndife akatswiri.

Apa m'pamene pali kusiyana kumene ndikufuna kuti owerenga akugwire bwino. Mndandanda wa zimene mukufuna ndi chinthu china, mndandanda wa zimene munalandira ndi chinanso. Mukamutuma mwana kugolosale mumamulembera kuti shuga, sopo, mafuta. Akabwera amakupatsani lisiti, ndipo palisitipo pamalembedwa shuga wake uti, wolemera bwanji. Mukafuna kuti mawa munthu wina akakugulireni zomwezo osaphonya, mumamupatsa lisiti lija. Fayilo ya loko ndi lisiti. Imalemba phukusi lililonse limene linaikidwa, limene munalipempha ndi limene linabwera pambuyo pa linzake, lililonse ndi vesheni yake yeniyeni.

Mu Python, njira imene ndimaikonda pa mapulogalamu ang'onoang'ono ndi ya pip-tools, chifukwa imasiyanitsa mafayilo awiriwa moonekeratu. Zofuna zanu mumalemba ndi manja mu `requirements.in`. Kenako mumalamula `pip-compile requirements.in`, ndipo imakulemberani `requirements.txt` yathunthu. Mbali ya Flask m'fayilo yathu inatuluka chonchi:

```
click==8.1.3
    # via flask
flask==2.2.2
    # via -r requirements.in
itsdangerous==2.1.2
    # via flask
jinja2==3.1.2
    # via flask
markupsafe==2.1.2
    # via
    #   jinja2
    #   werkzeug
werkzeug==2.2.3
    # via flask
```

Taonani timizere ta `# via`. Timanena amene anabweretsa phukusi lililonse. Tsiku limene mudzachotse Flask, `pip-compile` idzachotsanso onse amene anabwera chifukwa cha iyo. Ichi n'chifukwa chake sindikhutira ndi chizolowezi chongolemba `pip freeze > requirements.txt`. Chizolowezi chimenecho chimakhomadi mavesheni, ndipo chikanatiteteza m'mawa uja, koma chimasesa chilichonse chimene chili pa makina anu, ngakhale phukusi limene munangoliyesa tsiku lina n'kuliiwala. Pakapita chaka mumapeza mizere makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe amene akudziwa kuti wofunika ndi uti, wongotsatira ndi uti. Zikatero anthu amaopa kuikhudza fayiloyo.

Pali kamsampha kamodzi kamene kanatsala pang'ono kutikola. Mukayendetsa `pip-compile` koyamba popanda `requirements.txt` yakale, imasankha mavesheni atsopano kwambiri a tsikulo, ndiye kuti ikanatikhomera Werkzeug 3.0.0 yomwe ija. Loko sadziwa chabwino ndi choipa, amangosunga chimene wapeza. Koma `pip-compile` ikapeza `requirements.txt` ilipo kale, imalemekeza mavesheni amene ali mmenemo. Choncho tinayamba tatenga zotsatira za `pip freeze` za pa laputopu imene pulogalamu inkayenda, n'kuziika mu `requirements.txt`, kenako n'kuyendetsa `pip-compile`. Tinawonjezanso mzere wakuti `werkzeug<3` mu `requirements.in`, ndi ndemanga yofotokoza chifukwa chake, kuti wobwera pambuyo pathu asadzagwe m'dzenje lomwelo. Tsiku limenelo laputopu ya mnzangayo ndiyo inali malo okhawo padziko lonse amene ankadziwa mavesheni oyenera. Ikanabedwa m'minibasi dzulo lake, bwenzi tikulota manambala.

Kukhala ndi fayilo ya loko n'kosakwanira ngati seva sikuimvera. Izi zimaoneka bwino kwa anzathu a JavaScript, amene amaika maphukusi ndi chida cha npm. Kuyambira npm 5, mu 2017, fayilo ya `package-lock.json` imadzilemba yokha, moti aliyense ali nayo kaya akufuna kaya sakufuna. Komabe ndakumana ndi mapulojekiti ambiri amene fayiloyi anaiika mu `.gitignore`, ati chifukwa ndi yaitali ndipo imasokoneza pophatikiza khodi ya anthu awiri. Ena amaisunga, koma pa seva amalemba `npm install`. Lamulo limeneli limatsatira loko ngati akugwirizana ndi `package.json`, fayilo ya zofuna zanu, koma akasemphana limangosankha mavesheni ena mwakachetechete n'kulembanso loko. Lamulo la pa seva ndi `npm ci`. Limafufuta `node_modules` yonse, limaika zimene zili mu loko zokha, silisintha fayilo iliyonse, ndipo mafayilo awiriwo akasemphana limakana n'kuima. Kukana kumeneko ndiye ntchito yake. Ndi bwino kuti kuika kulephere mokuwa muli pomwepo kusiyana n'kuti kutheke mwakachetechete ndi zinthu zimene simunaziyese.

Amene akuganiza kuti ngozi imabwera pokhapokha nambala yoyamba ikadumpha akumbukire za Januwale 2022. Mwini phukusi la `colors`, limene mapulojekiti zikwizikwi ankalidalira popaka mitundu pa zolemba, anatulutsa dala vesheni yoononga, yokhala ndi khodi yozungulira kosalekeza n'kumadzaza sikirini ndi zilembo zopanda tanthauzo. Vesheni yabwino inali 1.4.0, yoipa 1.4.1. Mu npm, mukaika phukusi, mwachizolowezi limalembedwa ndi kachizindikiro kutsogolo, ngati `^1.4.0`, kutanthauza iliyonse kuyambira 1.4.0 mpaka isanafike 2.0.0. Ndiye 1.4.1 inalowa ngati mwini nyumba, ndipo ngakhale chida chachikulu cha AWS CDK chinasokonezeka. Pulojekiti imene inali ndi loko wonena 1.4.0 n'kumaika ndi `npm ci` sinalandire vesheni yoipayo. Manambala a vesheni ndi lonjezo la munthu, ndipo munthu amatha kulakwitsa, kutopa kapena kukwiya.

Tsopano ndimve mbali ya otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo imodzi yolemera. Amati loko amaumitsa pulogalamu. Mabowo a chitetezo amapezeka mwezi ndi mwezi, olemba maphukusi amawatseka m'mavesheni atsopano, koma inu mwadzitsekera m'nyumba ndi mavesheni akale. Izi n'zoona, ndipo zinatikhudza ifenso. Mu Meyi 2023 kunatuluka Flask 2.2.5, yotseka bowo limene, pa makonzedwe ena a seva, likanachititsa kuti chizindikiro cholowera cha munthu mmodzi chiperekedwe kwa wina. Ife tinali tikadali pa 2.2.2 miyezi isanu pambuyo pake, osadziwa kanthu. Loko wongoikidwa n'kuiwalika amasunga matenda mokhulupirika ngati mmene amasungira zabwino.

Koma taganizani bwino zimene otsutsawa akupereka m'malo mwake. Popanda loko, seva imene ikuyenda siisintha yokha. Laputopu ija inakhala ndi Werkzeug 2.2.3 kuyambira Malichi popanda loko aliyense. Mavesheni atsopano amabwera tsiku limene mukuikanso, ndipo tsiku limenelo kawirikawiri simulisankha ndinu. Ndi tsiku limene seva yafa, kapena limene mukuthamangira kukonza kavuto kena Lachisanu madzulo. Pamenepo maphukusi onse amasintha nthawi imodzi, osayesedwa, pa makina amene anthu akugwiritsa ntchito. Kumeneko si kusamala chitetezo ayi. Ndi loko, kusintha kumakhala ntchito imene mwaikonzera. Mumalemba:

```
pip-compile --upgrade-package flask
git diff requirements.txt
```

Mumaona ndi maso mizere imene yasintha, mwina umodzi, mwina itatu. Mumayesa pa laputopu. Zikayenda mumatumiza, zikakana mumabweza fayilo imodzi ndipo muli pomwe munali. Pakadzabuka vuto sabata yamawa, mbiri ya Git idzakuuzani phukusi limene linasintha, tsiku lake ndi amene analisintha. Ine ndinaika tsiku limodzi pamwezi la ntchito imeneyi, ndipo pakati pake ndimayendetsa `pip-audit`, imene imayerekeza mavesheni anu ndi mndandanda wa mabowo odziwika. Amene khodi yawo ili pa GitHub angagwiritse ntchito Dependabot, imene imawatumizira pempho losintha phukusi likakhala ndi vesheni yatsopano. Walira mvula walira matope. Amene wasankha loko wasankhanso ntchito yomutsegula nthawi ndi nthawi, ndipo ndikuvomera kuti ntchito imeneyi ndi yotopetsa komanso makasitomala ambiri safuna kuilipira. Tiziika pamtengo kuyambira pachiyambi, tiziwafotokozera.

Dandaulo lakuti fayiloyo ndi yaitali komanso imasokoneza pophatikiza khodi silindigwira mtima. Fayilo ya loko sakonza ndi manja. Mukasemphana, gwirizanani kaye pa `requirements.in` kapena `package.json`, kenako chida chilembenso loko.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene akaika loko amaganiza kuti zonse zatheka. Loko ali ndi malire, ndipo ndi bwino kuwadziwa asanakupunthwitseni.

Choyamba, nambala ya vesheni imangotchula dzina la katundu, siyang'ana zimene zili m'kati. Pofuna kutsimikiza kuti fayilo imene seva yatsitsa ndi yomweyo imene munaiyesa, pamafunika chidindo, nambala yaitali yowerengeredwa kuchokera ku zimene zili m'fayilomo, imene imasinthiratu ngakhale patasintha kadontho kamodzi. Mu `package-lock.json` chidindochi chimalembedwa chokha pa mzere wa `integrity`. Mu pip-tools muyenera kuchipempha ndi `pip-compile --generate-hashes`, ndipo pa seva muziika ndi `pip install --require-hashes -r requirements.txt`. Ubwino wina wa lamulo limeneli ndi wakuti limakana phukusi lililonse limene silinakhomedwe m'fayilomo, choncho palibe lolowera pawindo.

Chachiwiri chinandigwira ineyo patapita miyezi ingapo. Kunabwera mtsikana wophunzira ntchito amene laputopu yake inali ya Windows, ndipo kuika kunakana n'kumadandaula za phukusi lotchedwa colorama, limene munalibe m'fayilo yathu. Chifukwa chake n'chakuti click imafuna colorama pa Windows pokha, ndipo ife loko tinamulembera pa Linux. `pip-compile` imalemba zimene zikufunika pa makina amene yayendetsedwapo ndiponso pa Python imene ilipo. Momwemonso Flask 2.2.2 imafuna phukusi lina, importlib-metadata, ngati Python ili yochepera 3.10. Ife tinali pa 3.10, ndiye silinaoneke m'fayilo yathu. Choncho loko muzimulembera pa makina ofanana ndi seva, ndipo vesheni ya Python muziilemba poonekera. Ngati gulu lanu lili ndi makina osiyanasiyana, zida monga Poetry ndi uv zimalemba loko mmodzi woganizira makina onse, ndipo pamenepo zimaposa pip-tools. Ogwiritsa ntchito Docker asadzinamize kuti athawa vutoli. Mzere wakuti `FROM python:3` ndi windo lina lotsegula, chifukwa chimene dzinalo likuloza chimasuntha Python yatsopano ikatuluka, ndipo `pip install` yopanda loko m'kati mwa Docker imatenga za tsikulo ngati kwina kulikonse.

Chachitatu, loko amanena chimene mukufuna koma sakusungirani katunduyo. Mu Malichi 2016 mwini phukusi la `left-pad`, la mizere 11 yokha, analichotsa pa npm, ndipo mapulojekiti ambirimbiri, kuphatikizapo odalira chida chotchuka cha JavaScript chotchedwa Babel, analephera kuika mpaka a npm atalibwezeretsa. Ngakhale amene anakhoma vesheni yeniyeni anagwa nawo, chifukwa chimene ankachifunacho kunalibe. Malamulo ochotsera maphukusi anakhwimitsidwa pambuyo pake, koma kwa ife amene timaika mapulogalamu m'maofesi amene intaneti imabwera n'kupita, phunziroli lili pafupi kwambiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Masiku ano ndikamapita kokaika pulogalamu kutali, ndimatsitsiratu maphukusi onse pa makina ofanana ndi sevayo n'kuwanyamula pa fulashi:

```
pip download -r requirements.txt -d wheels
pip install --no-index --find-links wheels -r requirements.txt
```

Lamulo lachiwirilo silipita pa intaneti n'komwe. Koma onani kuti njira imeneyi imadalira loko yemwe uja, chifukwa popanda iye simungadziwe kuti zimene mwanyamulazo ndi zimene munaziyesa.

Pali gulu limodzi limene mfundo yangayi siligwira mofanana, ndilo la olemba maphukusi oti ena azigwiritsa ntchito. Flask ikanati ikufuna Werkzeug 2.2.2 yokha basi, bwenzi ikukangana ndi phukusi lina lililonse lofuna 2.2.3, ndipo palibe akanatha kuika awiriwo pamodzi. Wolemba phukusi ayenera kusiya mpata. Ndiye chifukwa chake npm, pofalitsa phukusi, sitengako `package-lock.json` ya mwini wake. Mpata umenewo amasiyira inu amene muli kumapeto, amene mukudziwa seva imene pulogalamu ikukakhala, kuti muutseke.

Kubungwe kuja pulogalamu inayambanso kuyenda isanakwane 11 koloko m'mawa womwewo, ndipo mayi wa pakauntala anathera masana onse akulowetsa mu kompyuta zimene analemba m'kope. Chaka chotsatira tinasamutsira pulogalamuyo pa seva ina. Ntchitoyo anaigwira mnyamata uja yekha, ine ndili kumudzi kumaliro, ndipo atamaliza ananditumizira zotsatira za `diff` ya mindandanda ya seva yakale ndi yatsopano. Munalibe mzere ngakhale umodzi.